Kalata ya Onesimo Yopanda Shuga

Loweruka masana, pakhonde la nyumba yake ku Zingwangwa, Flexon Namaona, tcheyamani wa komiti ya welofeya pa fakitale ina ya makatoni ku Makata, anakhala atatambalala miyendo ngati mwini kampani, akudikira kuti mlembi wake Tuntufye atsegule buku. Ankafuna kulembera kalata mnzawo Onesimo, amene anachotsedwa ntchito masiku naini apitawo pamodzi ndi anthu ena khumi ndi awiri, ndipo chichotsedwereni anali asanaonetse nkhope panja.

"Mkazi wake, Petronela, wandiuza ziwiri," anatero Flexon, akukweza zala. "Choyamba, foni mwamunayo anazimitsa. Akuti gulu lathu la pa WhatsApp lamutumizira maluwa ndi mavesi mpaka foni kutentha. Ndiye tilemba papepala. Chachiwiri, tisamunamize. Akangomva kafungo ka bodza, ang'amba kalatayo. Wamva?"

"Ndamva, a tcheya."

"Chimene si choona, usalembe. Ngakhale nditanena ine."

"Ngakhale mutanena inu," anabwereza Tuntufye, ndipo analemba mawuwo pamwamba pa tsamba n'kudula mzere kunsi kwake.

Flexon sanadandaule nazo. Iye anali atalankhulapo pa maliro makumi anayi ndi maukwati osawerengeka, ndipo m'maganizo mwake bodza linali chinthu chimene amanena anthu ena. Tuntufye anali kalaliki wa mu ofesi ya makalata, woika makalata a mabwana m'maenvelopu, munthu amene ukamuuza kuti dikira pang'ono amafunsa kuti mphindi zingati. Anatulutsa pepala la kaboni n'kulilowetsa pansi pa tsamba.

"Kaboniyo ngwa chiyani?"

"Kalatayi ikhale ndi inzake."

"Kuyambira liti timachita zimenezo?"

"Kuyambira lero."

"Zako izo. Petronela adzera pano folo koloko pochokera kumsika. Lemba." Flexon anakhosomola, n'kutsinzina, n'kutulutsa mawu ake a pamanda aja. "Achimwene athu okondedwa a Onesimo. Talandira ndi chisoni chachikulu uthenga wakuti mwatisiya."

Cholembera sichinasunthe.

"Amwalira liti?"

"Ndani?"

"A Onesimo."

"Sanamwalire, iwe!"

"Mawu amenewa ndi aja tinalembera mkazi wa malemu a Chipulikano. Ali pa tsamba fote-thuu. Ndikuonetseni?"

"Chabwino, chotsa. Lemba kuti: malo anu palibe amene angatseke."

"Atseka kale. Hafizi akuyendetsa makina awiri, ake ndi a Onesimo."

"Ndikunena malo a mumtima!"

"Mtima wa ndani?"

"Wathu tonse! Lemba kuti fakitale yonse ikulira."

Tuntufye anayang'ana kudenga kwa khonde ngati akuwerenga mayina pa malata. "Dzulo pa lanchi ndinaona a ku akaunti akuseka, akudya mandasi. Mlonda wa pageti sadziwa n'komwe kuti a Onesimo anachoka, akuganiza kuti ali pa holide. Amene ndinamuona akupukuta maso ndi Hafizi, koma mwina linali fumbi la makatoni."

Flexon anapumira m'mwamba. Mtima unamuuza kuti akanangolemba yekha, koma zolemba zake zinali ngati nkhuku yapalasa, ndipo malamulo a komiti, amene anawakakamira yekha pa msonkhano, ankati wolemba ndi mlembi.

"Tisiye zolira. Timulimbitse mtima. Lemba: musadandaule, achimwene, mupeza ntchito ina posachedwapa."

"Kuti?"

"Kulikonse."

"Tsiku lanji?"

"Iwe Tuntufye, ndine mneneri ine?"

"N'chifukwa chake ndafunsa, a tcheya. Kampani yathu yachepetsa anthu chifukwa ndalama zakunja zogulira mapepala zikusowa. Anzathu a mapulasitiki kuseri kwa mpanda kuja nawonso akugwira masiku atatu pa sabata. Ndikalemba kuti posachedwapa, mwezi ukatha adzabwera kwa ndani?"

"Sabwera kwa munthu! Ndi mawu chabe!"

"Ndiye ndilembe kuti ndi mawu chabe?"

"Usalembe!" Flexon anamenya pa bondo. "Chabwino. Izi ndiye sungatsutse. Lemba: Mulungu wakukonzerani zazikulu kuposa makatoni."

"Anakuuzani?"

"Ukufuna kulimbana ndi Mulungu tsopano?"

"Ayi ndithu. Mulungu ndimamuopa. Ndi inuyo amene ndikukufunsani. Komanso mawu amenewa anatumizidwa kale pa gulu ka leveni. Inu nokha katatu, ndi chithunzi cha nkhunda. Foni inazima itangofika nkhunda yachitatu."

Flexon anayang'ana kumbali. Nkhundayo anaisankha yekha, ndipo ankaganiza kuti inali yokongola.

"Lemba kuti abwana analira posainira kalata yake."

"Ndinalipo. Anali pa foni, akufunsa za matayala a galimoto. Anasaina makalata onse satini osakweza mutu."

"Lemba kuti uwu ndi mwayi wopuma."

"Ali ndi ana awiri ku sekondale."

"Mwayi woyamba bizinesi! Nkhuku! Anthu alemera ndi nkhuku m'tauni muno!"

"Amakhala ya lendi ku Bangwe, zipinda ziwiri, bwalo limodzi mabanja anayi. Nkhukuzo zizigona pati?"

"Pamutu pako!"

"Zimenezo ndilembe?"

Flexon anaimirira, n'kuyenda mpaka kumapeto kwa khonde, n'kubwerera. Wotchi ya pamkono inali itadutsa fili koloko, ndipo kunsi kwa mzere uja kunali mawu atatu okha: Achimwene a Onesimo. Ngakhale "okondedwa" uja anali atatsala m'njira.

"Ukudziwa chimene chikukuvuta iwe? Sunalankhulepo pagulu. Munthu wakugwa amafuna shuga. Tiyi wopanda shuga amamwa ndani?"

"Odwala shuga."

"Ndiye lemba wekha! Lemba zoona zakozo timve!"

Tuntufye sanadziwe kuti akumunyoza. Anawerama, n'kulemba papepala lapadera mosamala, lilime lili pakona pa mlomo, kenaka anawerenga ndi mawu omwe amawerengera maminitsi a msonkhano.

"Achimwene a Onesimo. Ntchito yanu inatha pa twente-wani. Muli ndi zaka fifite-wani. Makampani ambiri akulemba achinyamata, ndipo panopa sakulemba aliyense. Maso anu ayamba kuvuta. Sukulu zitsegulira pakatha masabata atatu. Ife, anzanu."

Kunsi kumsewu kondakitala wa minibasi ankakuwa za ku Limbe.

"Iwe," anatero Flexon pang'onopang'ono, "ukufuna tikagule bokosi?"

"Pali bodza pamenepa?"

"Palibe! N'chifukwa chake ikupha! Zonsezi akuzidziwa. Ukuganiza m'chipindamo akuwerenga chiyani masiku naini onsewa? Akufuna kalaliki woti amuwerengere zaka?"

"Munati zoona."

"Zoona zothandiza, mbuzi iwe! Si choona chilichonse chimene umanyamula kupita nacho kwa wodwala!"

Atangotero anadzimva yekha, ndipo anadabwa kuti walankhula zanzeru osakonzekera. Tuntufye anapinda kapepala kaja n'kuika m'thumba.

"Ndiye zothandiza ndi ziti, a tcheya? Inuyo mutakhala a Onesimo, mungafune kumva chiyani?"

"Ine sindingakhale Onesimo. Zaka twente-thuu pa kampani ija, ine ndi mzati."

"Tingoyerekeza."

Flexon anakhala pansi. Anaganiza za Onesimo, munthu amene ankafika pageti dzuwa lisanatuluke bwino, amene ngakhale popita ku chimbudzi ankapukuta kaye makina.

"Chikumudya si njala," anatero. "Njala ibwera, koma sinafike. Chikumudya ndi manyazi. Ku Bangwe kuja munthu akachotsedwa ntchito anthu amati waba."

"Sanabe. Kalata yake ikuti kuchepetsa antchito. Palibe mawu a mlandu ngakhale amodzi. Faelo yake ilibe chenjezo zaka seventini zonse."

"Ukutsimikiza?"

"Ndimasunga ndine."

"Lemba zimenezo. Lemba kuti: simunalakwe kanthu, ndipo aliyense wonena zina abwere adzafunse ife."

Cholembera chinayenda koyamba. Flexon anachiyang'ana ngati munthu woona madzi akutuluka pa mpopi umene unauma kalekale.

"Onjezera kuti anali katswiri woposa onse mu Africa muno."

Cholembera chinaima.

"Mu Blantyre muno."

Sichinasunthe.

"Aaa! Nanga ndinene chiyani?"

"Chimene munaona."

Flexon anakanda m'mutu. "Zaka seventini pa makina odulira, zala zake zonse khumi zilipo. Anaphunzitsa anthu sikisi, kuphatikizapo Hafizi yemweyo, ndipo onsewo zala zawo zilipo." Anagwira dzanja la malaya ake. "Ndipo chaka chija mkono wa ovolosi yanga utakodwa pa lamba, anazimitsa makina ndi iyeyo. Ena onse ankangokuwa."

"Izi simunanenepo pa msonkhano uliwonse."

"Pa msonkhano ndinanena kuti ndinadzikoka ndekha. Lemba, usandiyang'ane."

Tuntufye analemba.

"Tsopano pali nkhani ya fomu," anatero mlembiyo osakweza mutu. "Anzawo onse thwelofu anabweza kale ovolosi, majombo ndi chitupa cha pageti, n'kusainitsa fomu ku sitolo ndi ku akaunti. A Onesimo okha ndiwo sanabwere. Fomuyo ikapanda kusainidwa, a HR, oyang'anira za antchito aja, akuti sakonza ndalama zawo zosiyira ntchito, za notisi ndi za masiku a holide amene sanapume. Kalata ya umboni wa ntchito ili mu kabati mwanga, yosainidwa kale, ikungodikira mwini wake. Mapepala a penshoni nawonso amafuna chidindo cha kampani."

"Bwanji sunanene kale?"

"Simunafunse. Mumakamba za nkhuku."

"Akuopa geti," anatero Flexon. "Kulowa ndi majombo m'jumbo anzako akuyang'ana. Lemba kuti: Lolemba seveni koloko ndidzafika kwanu ku Bangwe, tidzakwere limodzi minibasi, jumbo ndidzanyamula ndine, ndipo ndidzalowa nanu mu ofesi ya a HR."

Cholembera chinathamanga ngati chikuthawa mvula.

"Apa ndiye sunafunse kanthu?"

"Ayi. Lolemba mukalowadi mu ofesi imeneyo."

"Ehe! Wayamba kundidziwa. Lembanso kuti akalandira pepala la ndalamazo asasaine msangamsanga. Tikakhale pansi, tione ngati awerengera zaka zonse seventini. Zikapanda kumveka tipita ku ofesi ya leba, kufunsa n'kwaulere."

"Zoona."

"Ndipo ntchito ndamupezera kale kwa mlamu wanga Olive, wa shopu yosindikiza ku Limbe."

Cholembera chinaima.

"Mwamupezera?"

"Ndi chimodzimodzi."

"A Olive anati chiyani?"

"Anati wodula mapepala wake amajomba, ndipo mwina angafune munthu Lachiwiri ndi Lachinayi."

"Mwina."

"Mwina wa Olive ndi inde!"

"Ndiye tilembe kuti mwina. Akakhala inde adzasangalala kawiri."

Flexon anakukuta mano. Mawu akuti mwina ankadana nawo, chifukwa palibe amene anaomberapo m'manja atamva mwina. Koma wotchi inali kuyandikira folo, ndipo mphamvu zokangana zinali zitamuthera.

"Lemba. Kwa Olive ku Limbe mwina pali ganyu wa masiku awiri pa sabata. Sitikulonjeza, ndipo si ndalama yokwana lendi, koma tikamuone Lachiwiri muli ndi kalata yanu ya umboni m'manja. Wakhutira?"

"Ndakhutira."

"Werenga yonse."

Tuntufye anawerenga.

"Achimwene a Onesimo. Zimene zakuchitikirani n'zowawa, ndipo sitikuuzani kuti si zowawa. Simunalakwe kanthu. Kalata yanu ikuti kuchepetsa antchito, ndipo aliyense wonena zina abwere adzafunse ife. Zaka seventini pa makina odulira, zala zanu zonse zilipo, ndi za anthu sikisi amene munawaphunzitsa. Mkono wa Flexon ulipo chifukwa cha inu. Sitikudziwa kuti ntchito ina ipezeka liti. Chimene tikudziwa ndi Lolemba seveni koloko."

Anapitiriza mpaka pa za Olive. Flexon anamvetsera mpaka kumapeto. Kalatayo inalibe mwambi, inalibe vesi, inalibe nkhunda, komabe inamugwira penapake pansi pa nthiti, ndipo zimenezo zinamukwiyitsa.

"Za zowawazo ndinanena ine?"

"Munanena ndi nkhope."

"Hm. Si yoipa. Koma yauma ngati chikondamoyo cha dzana. Pomaliza pokha ndiikapo shuga wanga, ndipo shuga ameneyu ndi woona, sungamukane. Lemba: zinthu zikadzasintha ku kampani, ine Flexon ndidzakhala ndili pompo, ndipo dzina lanu ndidzalitchula ndine kwa abwana."

Cholembera sichinasunthe.

"Lemba, nthawi yatha."

Tuntufye anayang'ana mzere uja anadula pamwamba pa tsamba.

"Chavuta n'chiyani tsopano? Ukuti sindingamutchule?"

"Kumutchula mungathe."

"Abwana sandimvera?"

"Zimenezo sindikudziwa."

"Nanga bodza lili pati? Zinthu zikadzasintha?"

"Apo palibe vuto. Mwati zikadzasintha, simunati zidzasintha."

"Ndiye patsala chiyani? Ine Flexon? Sindine Flexon ine?"

"Ndinu Flexon."

"Ndidzakhala ndili pompo..."

Mawuwo anathera m'kamwa. Tuntufye anatseka cholembera, n'kuchigoneka bwinobwino pakati pa buku. Kunsi kumsewu, mayi wina wa dengu pamutu anali atakhota kulowa kanjira kobwera kunyumbako.

"Tuntufye."

"A tcheya."

"Dzulo unatsalira mu ofesi anzako ataweruka. Unkachita chiyani?"

"Ndinkamata maenvelopu."

"Angati?"

"Za mu ofesi sindinena. Ndinasainira."

"A liti?"

"Sindinena."

"Unati Lolemba ndikalowadi mu ofesi ya a HR."

"Munanena nokha. Ine ndinangovomera."

Flexon anafuna kuseka, koma anali atamvetsa kuti imodzi mwa maenvelopuwo inali yake. Mzati uja unamva chiswe kunsi. Anayang'ana nyumba yake, malata amene anali asanamalize kukhoma kuchipinda chakumbuyo, njinga ya mwana itatsamira khoma. Tuntufye anamuyang'ana ndi chisoni chenicheni, ndipo poti analibe mawu akeake otonthozera munthu, anabwereka amene anawamva masana onsewo.

"Musadandaule, a tcheya. Mupeza ina posachedwapa. Mulungu wakukonzerani zazikulu kuposa makatoni. Ndipo inu bwalo muli nalo, nkhuku zikhoza..."

"Tseka pakamwa! Ukundiyesa mwana? Posachedwapa liti? Anakuuza Mulunguyo? Zinyalala zimenezo uziuza ena, osati ine!"

"Ndi zanu zomwe."

"Ndikudziwa kuti ndi zanga!"

Petronela anali atafika pa mpanda, akuodira. Tuntufye anang'amba tsamba lapamwamba, n'kumupatsa Flexon kuti asaine. Flexon atasaina, Tuntufye analipinda katatu monga amapindira makalata a mabwana. Kenaka mlembiyo anasolola kaboni, n'kung'ambanso tsamba lapansi lija, n'kulipinda chimodzimodzi, n'kumupatsa Flexon.

"Limenelo si la m'faelo?" anafunsa Flexon ndi mawu otsika.

"Ine sindinati ndi la m'faelo, a tcheya. Ndinati kalatayi ikhale ndi inzake. Dzina ndi zaka mukonza nokha, koma jumbo yanu Lachiwiri ndidzanyamula ndine."